Kuphika nyama ya ng'ombe mu mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono: mafunso ndi mayankho

Mphika umene tikunena pano ndi uja pabokosi pake amalemba kuti Slow Cooker, kapena dzina la kampani ngati Crock-Pot. Uli ndi zigawo zitatu: chigoba chachitsulo chakunja momwe muli waya wotenthetsa, mphika wadothi wamkati womwe umachotsedwa, ndi chivindikiro chagalasi. Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo pophikamo nyama ya ng'ombe amachokera pa zinthu ziwiri zimene mphikawu sungachite. Suphwetsa madzi, ndiponso sukazinga. Aliyense wosamutsa kaphikidwe ka pambaula kapena pa sitovu kupita mu mphikawu ayenera kuyambira pamenepo.

Kodi LOW ndi HIGH zimasiyana bwanji?

Ambiri amaganiza kuti HIGH imafika pa kutentha kwakukulu kwambiri kuposa LOW. M'miphika yambiri sizili choncho. Zonse ziwiri zimakathera pafupifupi pamodzi, cha m'ma 90 mpaka 98°C, pomwe msuzi umangobwata pang'ono m'mbali mwa mphika. Kusiyana kwake kuli pa nthawi yokafikira pamenepo. Pa HIGH mphika wodzaza bwino umafika pobwata pakatha maola atatu kapena anayi, pamene pa LOW umatenga maola 7 kapena 8.

Pa nyama ya ng'ombe kusiyana kumeneku n'kofunika. Pa LOW nyama imakhala maola ambiri pakati pa 70 ndi 90°C, pomwe mitsempha yake imasungunuka pang'onopang'ono. Pa HIGH imafika msanga pobwata n'kukhala pamenepo, ndiye imafewa ndithu koma imataya madzi ambiri, ndipo zidutswa za m'mphepete mwa mphika zimapsa kuposa zapakati. Ngati nthawi ilipo, sankhani LOW.

WARM kapena KEEP WARM siyophikira. Ntchito yake ndi kusunga chakudya chakupsa kale kuti chisatsike pansi pa 60°C, basi. Miphika ina ili ndi AUTO, yomwe imayamba ndi HIGH kenako n'kutsika yokha pa LOW. Imeneyi ndi yabwino pa nyama yochokera mufiriji, chifukwa imaichotsa msanga pa kutentha kofunda kumene tizilombo toyambitsa matenda timaswana. Wopanda AUTO angathe kuchita zomwezo ndi dzanja: ola loyamba pa HIGH, kenako LOW.

Nanga maola angati?

Pa kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka ya nyama yodula zidutswa za masentimita anayi, mu mphika wa malita atatu ndi theka kapena anayi, werengerani maola 7 mpaka 9 pa LOW, kapena 4 mpaka 5 pa HIGH. Mchira, nthiti zamafupa ndi nyama ya mwendo zimafuna maola 9 mpaka 10 pa LOW. Mang'ina amatha kupitirira apo.

Nyama ya ng'ombe yakumudzi, yomwe yakhala ikuyenda mitunda kukadya kudambo, kapena ya nkhunzi yomwe inkakoka ngolo, ndi yolimba kuposa ya ng'ombe yaing'ono yonenepetsedwa m'khola. Ionjezereni ola limodzi kapena awiri. Maphikidwe olembedwa ku Britain kapena ku America amawerengera nyama yofewerako, choncho nthawi yawo musaitenge ngati lamulo.

Wotchi ndi yongokuthandizani, woweruza ndi foloko. Baya chidutswa chachikulu chapakati pa mphika n'kupotoza pang'ono. Chikagawanika mosavuta koma osaphwasuka chonse, nyama yapsa.

Ndi nyama ya mbali iti imene imayenera?

Ya mbali zimene ng'ombe imagwiritsa ntchito kwambiri: mwendo, khosi, phewa, chifuwa, nthiti, mchira, masaya, ndiponso linunda ngati mwalipeza. Nyama imeneyi ili ndi timitsempha toyera tambiri tolukana ndi mnofu. Timitsemphati tapangidwa ndi kolajeni, ndipo kolajeni ikakhala nthawi yaitali pamoto wochepa m'madzi imasanduka jelatini. Ndiyo imachititsa kuti msuzi wa mang'ina uzimata milomo ndiponso uzigwirana ukazizira. Jelatiniyo ndi imene imapangitsa nyama yophika nthawi yaitali kumveka yonona ndi yofewa, ngakhale kuti mnofu weniweniwo unataya kale madzi ake.

Nyama yodula mtengo ija ya fileti, rampu ndi topusaidi ilibe kolajeni yokwanira. Mukaiika maola 8 mu mphikawu madzi ake amatuluka ndipo palibe chobwezeretsa, imangotsala youma ndi yolimba ngakhale ikusambira mumsuzi. Imeneyo ndi yowotcha kapena yokazinga mwachangu. Ku butchala, ngati akugulitsa nyama yosakaniza, pemphani yamafupa ndi yamitsempha, osati mnofu wokhawokha wofiira.

Dulani zidutswa zazikuluko, masentimita anayi kapena asanu. Tizidutswa ting'onoting'ono tija timadulira ndiwo kuti aliyense alandireko tiwiri titatu timaphwasuka tisanakwane maola 6. Mafuta okhuthala akunja achotseni, chifukwa mu mphikawu sapsa ndipo amangoyandama pamwamba. Timitsempha tamkati musatichotse.

Pambaula timayamba ndi kuwiritsa nyama mpaka madzi aphwe, kenako n'kukazinga. Kodi mu mphikawu ndi chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Kaphikidwe kozolowereka kumudzi kuno kamayenda motere: nyama mumphika, madzi ndi mchere, iwire mpaka ifewe ndipo madzi aphwe, kenako mafuta, ikazingike ifiire, anyezi, matimati, pomaliza timadzi pang'ono ta msuzi. Kukoma konse kwa ndiwoyo kumabwera pa mphindi zija madzi aphwa ndipo nyama yayamba kuthetheka m'mafuta.

Mu mphika wamagetsi mphindi zimenezo sizifika. Nthunzi ikakwera imagunda chivindikiro, n'kusanduka madzi, n'kugweranso mumphika. Ngakhale mutadikira maola 12, madzi saphwa, m'malo mwake amachuluka chifukwa nyama ndi matimati zikutulutsa awo. Ndipo malinga ngati mumphika muli madzi, kutentha sikungapitirire 100°C, pamene nyama kuti ifiire pafunika kutentha kopitirira 140°C pachiwaya chouma.

Choncho dongosolo liyenera kutembenuka. Kukazinga kumabwera poyamba, pachiwaya, nyama ikadali yaiwisi. Kuwiritsa kumabwera pambuyo, mu mphika wamagetsi. Kuphwetsa msuzi, ngati kukufunika, kumachitikanso pachiwaya pamapeto.

Ilipo njira ina kwa amene m'mawa alibe nthawi. Ikani nyama yaiwisi ndi mchere ndi theka la kapu ya madzi, iphike pa LOW. Madzulo vuulani nyamayo, ikazingeni m'mafuta ndi anyezi ndi matimati monga mwa masiku onse, kenako thiraniko madzi aja atsala mumphika kuti akhale msuzi. Njira imeneyi ndi imene imatulutsa ndiwo yofanana kwambiri ndi ya pambaula. Chofunika n'kuichotsa isanafewe mopitirira, cha pa maola 6 kapena 7, ndi kuitembenuza mosamala pachiwaya kuti isaphwasuke.

Tandionetsani ndi chitsanzo chenicheni.

Tiyerekeze kuti pa sitovu mumaphika chonchi: kilogalamu imodzi ya nyama ya phewa, anyezi awiri, matimati anayi, makaroti atatu, mbatatesi zinayi, adyo, supuni imodzi yaikulu ya kale, masupuni atatu a mafuta, kachibulo kamodzi ka sitoko, ndi madzi okwana lita imodzi omwe mumathira pang'onopang'ono pa maola awiri.

Mu mphika wamagetsi kuchuluka kwa nyama ndi zamasamba sikusintha. Chimene chimasintha ndi madzi, kadulidwe ndi dongosolo.

Pukutani nyama ndi kansalu koyera kuti iume, chifukwa nyama yonyowa siifiira. Ithireni supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi masupuni awiri aakulu a fulawa. Tenthetsani masupuni awiri a mafuta pachiwaya mpaka atenthe kwambiri, ndipo kazingani nyamayo m'magawo awiri kapena atatu, mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse. Mukaithira yonse kamodzi chiwaya chimazizira, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira, ndipo imasanduka yotuwa. Cholinga sikuipsetsa mkati, koma kuti kunja kufiire.

Nyama ikachoka, kazingani anyezi pachiwaya chomwecho mphindi zisanu mpaka afewe. Onjezani adyo ndi kale kwa mphindi imodzi, kenako matimati odula, aphike mphindi zisanu mpaka aphwanyike ndi kuphwa pang'ono. Thiraniko kapu imodzi ya madzi, mamililita 250, ndipo palani ndi mthiko zonse zofiirira zimene zamatirira pansi pa chiwaya. Zomatirirazo ndizo zidzapatse msuzi mtundu ndi fungo, musazisiye.

Mumphika wadothi yalani makaroti ndi mbatatesi pansi ndi m'mbali, zodula masentimita atatu. Nyama ikhale pamwamba pake. Tsanulirani za pachiwaya zija, phwanyiranimo theka la kachibulo ka sitoko, vindikirani, LOW maola 8.

Madziwo adzaoneka ochepa kwambiri, mwina kungofika theka la zimene zili mumphika, ndipo dzanja lidzafuna kuonjezera. Lekani. Kilogalamu ya nyama imatulutsa pafupifupi kapu imodzi ya madzi ikamapsa, ndipo matimati, anyezi ndi makaroti amatulutsanso awo. Pofika ola lachisanu msuzi udzakhala utakwera mpaka pafupi kumiza nyama.

Maola atakwana, yesani ndi foloko, wengulani mafuta oyandama ndi supuni, lawani mchere, ndipo konzani msuzi ngati wachuluka.

Ndiye madzi ndizichepetsa bwanji pa maphikidwe ena?

Onani kaye ntchito ya madziwo pa kaphikidwe koyambirira. Ngati ndi ndiwo yophika povindikira mu uvuni kapena pamoto wochepa, momwe madzi amathiridwa kamodzi, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka. Ngati ndi kaphikidwe kamene madzi amaonjezeredwa mobwerezabwereza chifukwa akuphwa, musawerengere n'komwe madzi onsewo. Yambirani pa kapu imodzi pa kilogalamu ya nyama. Pakakhala matimati a m'chitini, chitini cha magalamu 400 pachokha chikhoza kukwanira, mungotsukuluza chitinicho ndi timadzi pang'ono.

Kuchepetsa madzi kuli ndi zotsatira zake pa mchere. Sitoko ndi sosi wa soya zimene zinawerengeredwa lita imodzi zikalowa m'kapu imodzi zimawawitsa ndiwo. Thirani theka poyamba, zotsalazo mudzaonjezera mutalawa. Vinyo kapena mowa, ngati kaphikidweko kakufuna, uwiritseni kaye pachiwaya mpaka utsale theka, apo ayi fungo lake laliwisi limatsalira mumsuzi popeza ulibe kothawira.

Pa nthawi, kawerengedwe kosavuta n'kakuti ndiwo ya ola limodzi kapena awiri pa sitovu imatenga maola 6 mpaka 8 pa LOW kapena 3 mpaka 4 pa HIGH, ndipo ya maola awiri mpaka anayi imatenga 8 mpaka 10 pa LOW kapena 4 mpaka 6 pa HIGH. Komabe pa nyama ya ng'ombe chimene chimalamula ndi mbali ya nyamayo ndi kukula kwa zidutswa.

Msuzi watuluka wamadzimadzi. Ndiukonze bwanji?

Njira yabwino koposa ndi kuvuula nyama ndi zamasamba, kutsanulira msuzi mu sefuliya yotakata, n'kuuwiritsa pamoto waukulu osavindikira mphindi 10 mpaka 15. Njira imeneyi imaukhuthalitsa ndiponso imabwezeretsa kukoma kumene kunasungunuka m'madzi ochuluka. Mchere muthire mutaphwetsa, osati musanaphwetse.

Ngati simukufuna kuyatsanso moto, sungunulani masupuni awiri aakulu a konifulawa m'masupuni anayi a madzi ozizira, takasirani mumphika, tembenuzirani pa HIGH mphindi 15 mpaka 20. Ufa wosalala wa chinangwa umagwiranso ntchito yomweyo, koma uchepetseni chifukwa umananda. Ufa wouma wothira mwachindunji mumsuzi wotentha umachita mibulu. Kuphwanya mbatatesi ziwiri zitatu za mumphika momwemo kumathandizanso, ndipo sikusintha kukoma.

Kuvundukula mphika kuti madzi aphwe okha pa HIGH kumagwira pang'ono chabe. Moto wake ndi wochepa, ndipo mukachotsa chivindikiro kubwatako kumaleka.

Nyama yakhala maola 6 koma ikadali yolimba. Kodi yapsa mopitirira?

Pali kulimba kwa mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana, choncho yang'anani bwino. Ngati chidutswa chikukana foloko, chikunjanja mukachikanikiza, ndipo mitsempha yoyera ikuonekabe yolimba, nyamayo sinapse. Minofu yafinyika kale koma kolajeni sinasungunuke. Vindikiraninso, ipatseni ola limodzi kapena awiri. Nyama yamitsempha imadutsa kaye pa kulimba kotere isanafewe, ndipo ambiri amaiphula pamenepo poganiza kuti yaonongeka.

Koma ngati chidutswa chikuphwasuka chokha kukhala ulusiulusi, ndipo mkamwa chikumveka chouma chosamezeka, yapyola. Jelatini yonse yathawira mumsuzi, kapena nyamayo inali ya mnofu wokhawokha. Kuonjezera nthawi sikungathandize. Inyenyeni, phwetsani msuzi ukhuthale, ndipo isakanizeni kuti msuziwo uikute.

Zimene zimachedwetsa nyama ndi mphika wodzaza mpaka kukamwa, nyama yolowa ili yozizira kwambiri, chivindikiro chosakhala bwino, ndi kuvundukulavundukula. Kuvundukula kamodzi kumatha kuonjezera mphindi 20 mpaka 30, makamaka m'maola oyamba pa LOW, chifukwa waya wake ndi wofooka ndipo umatenga nthawi kubwezeretsa nthunzi yothawayo. Ndiwo ya mu mphikawu siifuna kutakasa, siipserera pansi.

Ndidzaze mpaka pati?

Pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu. Kuchepera theka, chakudya chimatentha msanga n'kupsa mopitirira, ndipo m'mbali mumapserera. Theka la kilogalamu ya nyama mu mphika wa malita 6 limatha kupsa m'maola asanu pa LOW. Kudzaza kupitirira magawo atatu mwa anayi, pakati pamachedwa kutentha ndipo msuzi umasefukira m'chigoba cha magetsi.

Bwanji mbatatesi ndi makaroti zikadali zolimba pamene nyama yafewa?

Zimadabwitsa, koma pamoto wochepa zamasamba zolimba zimachedwa kuposa nyama. Zimafuna kutentha kopitirira 85°C kuti zifewe, pamene nyama imayamba kufewa kutentha kusanafike apo. Zikakhala pamwamba, kunja kwa msuzi, zimangofunda. N'chifukwa chake malo ake ndi pansi ndi m'mbali, pafupi ndi waya, zomira mumsuzi. Kuwawasa kwa matimati, vinyo ndi viniga kumazilimbitsanso, choncho ndiwo ikakhala ya matimati ambiri dulani mbatatesi zing'onozing'ono kapena zifutseni mphindi zisanu musanaziike.

Zofewa zimachita mosiyana. Tsabola wobiriwira, zitheba, nsawawa, kabichi ndi masamba zilowe m'mphindi 30 zomaliza. Mbatata ya kholowa ndi maungu zimasungunuka zikakhala maola 8, ziikeni kutatsala maola awiri. Mkaka, kirimu ndi yogati zimadukaduka zikaphikidwa nthawi yaitali, zilowe pomaliza penipeni. Nsinjiro zimakhazikika pansi n'kumata, choncho zisungunuleni m'madzi ofunda n'kuzithira kutatsala ola limodzi, pa HIGH.

Ndiwo yapsa bwino koma siikoma, yangoti zii. Chasowa n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi zitatu izi: simunakazinge, madzi anachuluka, kapena simunaikonze pomaliza. Anyezi wolowa wamuwisi safika potsekemera mu mphikawu, amangowira n'kusiya kafungo kakuthwa. Kale ndi zokometsera zina zaufa zimafuna kukumana ndi mafuta otentha kaye kuti fungo lituluke. Supuni imodzi yaikulu ya phala la tomato la m'chitini, yokazingidwa ndi anyezi mpaka ide pang'ono, imasintha msuzi kwambiri.

Maola ambiri amazimitsa fungo la adyo, jinja wamuwisi ndi masamba onunkhira. Sungani gawo lina la zimenezi kuti mulithire kutatsala mphindi 15. Timadzi ta ndimu, supuni yaing'ono imodzi, timadzutsa msuzi wogona. Zokometsera zathunthu monga makilovu ndi khungwa la sinamoni zimachita zosiyana, zimanka zikulirakulira, choncho zichepetseni. Tsabola wa kambuzi muikeni wathunthu wosaboola kuti muthe kumuchotsa, chifukwa wodula amafalikira mumphika monse kwa maola onsewo.

Kodi ndingaike nyama youma ndi chisanu, yochokera mufiriza?

Ayi. Tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba timachulukana msanga pakati pa 5 ndi 60°C. Nyama yosungunuka kale imadutsa pamenepo mofulumira, koma chibuma cha nyama youma ndi chisanu chimakhalapo maola ambiri pa LOW. Kuphika kwa pambuyo pake kumapha tizilomboto, koma poizoni amene tina timasiya satha ndi moto. Isungunuleni mufiriji usiku wonse.

Pa chifukwa chomwecho, musaike nyama yaiwisi mumphika n'kutchera kawotchi ka pasoketi kuti uyake patapita maola anayi. Ngati mudzakhala kunja maola 11, ndi bwino kusankha nyama ya mwendo yodula zidutswa zazikulu, yomwe imapirira, kapena kugula mphika umene umalowa wokha pa WARM nthawi ikatha. Pa WARM ndiwo isapitirire maola anayi.

Kukonzeratu usiku n'kotheka. Dulani zamasamba, kazingani anyezi ndi matimati, sungani zonse mufiriji m'mabakuli ake, nyama payokha. Nyamayo ikazingeni m'mawa momwemo, popeza nyama yopsa kunja kokha siyenera kusungidwa. Musasunge zonse mu mphika wadothi mufiriji, chifukwa dothi lozizira limachedwetsa kutentha.

Nanga ndikafuna kusakaniza nyemba ndi nyama?

Nyemba zouma, makamaka zofiira zazikulu, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha pokhapokha zikawira mwamphamvu. Kutentha kwa LOW sikumuthetsa, ndipo nyemba zochepa chabe zosawira bwino zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa. Zivikeni usiku wonse, tayani madziwo, ziwiritseni pamoto waukulu m'madzi atsopano mphindi zosachepera 10 zikubwata kwambiri, makamaka 30, ndiyeno ziikeni mu mphika wamagetsi. Za m'chitini n'zakupsa kale, zilowe m'ola lomaliza.

Magetsi akazima ndiwo ili mkati mophika nditani?

Ngati muli pakhomo ndipo mwaona nthawi imene azimira, musadikire kuti ayakenso. Samutsirani ndiwo mu poto wachitsulo n'kumalizitsa pambaula kapena pa gasi, pamoto wochepa, mutaonjezera kapu ya madzi chifukwa tsopano ayamba kuphwa. Mphika wadothiwo musauike pamakala kapena pa sitovu, umasweka. Ngati ndiwo inali itapsa kale magetsi asanazime, ikhoza kukhala yovindikira mpaka maola awiri.

Vuto lalikulu ndi la amene wachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Mphika wa kabatani kopotoza umayambiranso wokha magetsi akabwera, ndiye mukhoza kupeza ndiwo ikubwata bwinobwino osadziwa kuti inakhala maola asanu ili yofunda. Wa manambala owala nthawi zambiri umangozima kapena kuphethira, zomwe zimakuchenjezani. Ngati nthawi imene magetsi anazima siidziwika ndipo nyama inali isanapse, malangizo a zaumoyo ndi oti itayidwe, ngakhale ikununkhira bwino. Kumadera kumene magetsi amathimathima, yang'anani kaye ndandanda ya ESCOM kapena ZESCO, phikani tsiku limene pakhomo pali munthu, kapena phikani usiku. Wotchi yamagetsi yopanda batire, yolumikiza pa soketi ina m'khitchini, imakuuzani ngati anazimapo.

Umadya magetsi ochuluka bwanji? Ungayende pa sola?

Yang'anani kachizindikiro ka pansi pa chigoba. Miphika yambiri ya pakhomo imalembedwa mawati 150 mpaka 300, ndipo LOW imadya ocheperapo. Wa mawati 200 ukayaka maola 8 sungapitirire mayunitsi 1.6 pa mita. Invetala yaing'ono imaunyamula mosavuta, koma batire ndiye nkhani ina: la 12V 100Ah limasunga pafupifupi mayunitsi 1.2 likadzaza, ndipo si onse amene mungawagwiritse ntchito. Pa sola, phikani masana dzuwa likuwala.

Pa kachizindikiro komweko onaninso mavoti. Mphika wogulidwa ku Joni kapena ku Britain ndi wa 220 mpaka 240V, ndipo umagwira kwathu, kungosintha pulagi ngati ndi ya ku South Africa. Wochokera ku America ndi wa 120V ndipo umapsa mukaulumikiza popanda thiransifoma.

Ndingadziwe bwanji ngati mphika wanga ukutentha mokwanira?

Thiranimo madzi a pampopi mpaka theka kapena kupitirirako pang'ono, vindikirani, LOW maola 8 osavundukula. Kenako yezani msanga ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya. Madziwo afike cha pa 85°C. Akachepera kwambiri, mphikawo ndi wofooka ndipo sukuyenera kuphikira nyama yaiwisi. Akakhala akubwata mwamphamvu, wanu ndi wotentha, ndipo muzichotsa ola limodzi kapena awiri pa nthawi zonse zimene zalembedwa pamwambapa.

Miphika ya pulesha yokhala ndi batani la Slow Cook imatenthetsa pansi pokha, ndipo poto wake ndi wachitsulo chopyapyala. Pa Instant Pot, Less ndi yofooka kwambiri pa nyama ya ng'ombe, Normal ndiyo ikufanana ndi LOW, More ndi HIGH. Zonse zikhale zomira mumsuzi, ndipo kabowo ka nthunzi kakhale kotsegula.

Zotsala ndizisunge motani?

Musazisiye mu mphika wadothi kuti zizizire zokha usiku wonse, chifukwa dothi limasunga kufunda maola ambiri. Gawani ndiwoyo m'mabakuli osazama, ilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo idyedwe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Potenthetsanso gwiritsani ntchito poto pamoto mpaka ibwate paliponse. Mphika wamagetsi umachedwa kwambiri pa ntchito imeneyi. Msuzi mudzaupeza utagwirana ndipo mafuta atauma pamwamba. Chotsani mafutawo ndi supuni, thirani timadzi pang'ono pansi pa poto, ndipo yambani ndi moto wochepa mpaka msuzi usungunuke, kuti usapserere.

Mphika wadothi udikireni uzizire musanauthire madzi ozizira. Ukachita mng'alu wodutsa mpaka kunja, usiyeni, chifukwa msuzi umadontha n'kukafika pa waya.